Pa 14 Meyi ndi tchuthi, nanga ngongole ilipidwe liti?

Chaka chilichonse, aliyense amene analemba anthu ntchito m'dziko muno ndipo amapereka VAT amakumana ndi masiku awiri amene tsiku lolipira limagwera pa tchuthi. Msonkho wa PAYE umene bwana amadula pa malipiro a antchito umayenera kufika ku bungwe lotolera msonkho la MRA pofika pa 14 mwezi wotsatira, ndiye msonkho wa malipiro a Epulo umagwera pa 14 Meyi, tsiku lokumbukira Kamuzu. Msonkho wa VAT umaperekedwa pofika pa 25 mwezi wotsatira, ndiye wa Novembala umagwera pa Khirisimasi penipeni. Chaka chikubwerachi zidzakhalanso chimodzimodzi. Komabe mukafunsa eni malo ogona alendo a ku Nkopola ndi ku Chembe, kapena eni mashopu a pa Boma ku Mangochi, kuti tsiku lolipira likagwera pa tchuthi amalipira liti, ambiri amayankha mosakayika kuti tsikulo limapita ku Lolemba.

Yankholi nthawi zina limakhala loona ndipo nthawi zina limabala chindapusa. Chimene chimasuntha tsiku lolipira ndi mawu a lamulo kapena a pangano limene linabweretsa ngongoleyo. Kuti tsikulo lagwera pa tchuthi sikokwanira pakokha. Mawuwo angakankhire tsiku kutsogolo, angalibweze m'mbuyo, mwinanso angalisiye pomwe lili. Pa mwezi umodzi womwewo munthu mmodzi akhoza kukhala ndi mabilu atatu olembedwa deti limodzi koma masiku ake enieni ali atatu osiyana.

Munthu asanawerenge pangano, ayambe wadziwa masiku amene ali a tchuthi m'mwezi umenewo. Kuno kwathu ntchitoyi ndi yovutirapo, chifukwa tchuthi chathu chimasuntha. Tsiku la tchuthi cha boma likagwera Loweruka kapena Lamulungu, Lolemba lotsatira ndilo limakhala tchuthi. Mu 2022 zimenezi zinachitika kangapo: tsiku la John Chilembwe, pa 15 Januwale, linali Loweruka, la Kamuzu, pa 14 Meyi, Lowerukanso, la anakubala, pa 15 Okutobala, Lowerukanso. Maulendo onse atatuwa mabanki ndi maofesi anali otseka Lolemba. Amene anati akalipira Lolemba anapeza zitseko zokhoma ndi mlonda ali pakhonde.

Taonaninso kuti masiku atatuwa ali pa 14 kapena pa 15, pakati penipeni pa mwezi. Nthawi imeneyi ndi imenenso misonkho ya antchito imaperekedwa, ndalama za penshoni nazo zimayenera kutumizidwa pasanathe masiku 14 mwezi utatha, ndipo obwereketsa ambiri amaika tsiku lobweza chapomwepo. Choncho kugundana kwa tsiku lolipira ndi tchuthi kumachitika pafupipafupi m'Malawi kuposa mmene munthu angaganizire.

Khirisimasi ndiye imatalikitsa kwambiri. Mu 2021, pa 25 Disembala linali Loweruka ndipo pa 26 linali Lamulungu. Onse awiri ndi masiku a tchuthi, ndiye onse anasuntha, Lolemba pa 27 ndi Lachiwiri pa 28 kunali kupuma. Tsiku loyamba logwira ntchito linali Lachitatu pa 29, pamene lomaliza Khirisimasi isanafike linali Lachisanu pa 24. Pakati pa masiku awiriwa pali masiku anayi, ndipo bilu yolembedwa kuti pa 25 Disembala inali ndi tsiku lake lenileni ku mbali imodzi ya mpata umenewo, malinga ndi mawu ake.

Ku Mangochi kuli chinanso chimene kalendala yopachika pakhoma singathe kunena motsimikiza. Idi yomasula Ramazani ndi tchuthi cha boma, koma tsiku lake limadikira kuoneka kwa mwezi. Osindikiza makalendala amangoyerekeza, ndipo tsiku lenileni limadziwika atsogoleri a Chisilamu akalengeza, kawirikawiri madzulo a dzulo lake. Munthu wa ku Namwera kapena ku Katuli amene ngongole yake ikugwera m'masiku amenewo angagone akudziwa kuti mawa ndi tsiku la ntchito, n'kudzuka banki itatseka. Idi inayo, ya nsembe ya mbuzi ndi ng'ombe, ndi yosiyana. M'boma lino mashopu ambiri amatseka ndipo anthu amakhala kumapemphero ndi kumadyerero, koma chimene chimawerengedwa ndi mndandanda wa masiku a tchuthi cha boma. Tsikulo likakhala kuti silili pa mndandandawo, kwa wobwereketsa wa ku Blantyre ndi tsiku la ntchito ngati ena onse, ndipo ngongole yogwera pamenepo sisuntha. Chimodzimodzi ndi tchuthi chimene boma limapatsa ogwira ntchito m'boma kumapeto kwa chaka. Maofesi ena amakhala zii kwa masabata, koma m'nyengo imeneyo masiku a tchuthi cha dziko lonse ndi Khirisimasi, tsiku lotsatira Khirisimasi ndi chaka chatsopano basi. Palinso masiku amene boma limalengeza mwapadera, monga tsiku lovota pa 16 Seputembala 2025.

Kalendala ikakonzeka, funso lotsatira ndi lakuti ngongoleyi inachokera kuti. Ngati nthawi yolipira inaikidwa ndi lamulo la dziko, pali lamulo lina limene limafotokoza kawerengedwe ka masiku, la General Interpretation Act. Mfundo zake ziwiri ndi zofunika kuzisunga pamtima. Yoyamba ndi yakuti powerenga masiku kuchokera pamene chinthu chachitika, tsiku lochitikalo siliwerengedwa. Yachiwiri ndi yakuti tsiku lomaliza likakhala Lamulungu kapena tchuthi cha boma, nthawiyo imafika mpaka tsiku lotsatira limene si Lamulungu kapena tchuthi. Mwachitsanzo, munthu atapatsidwa masiku 14 kuchokera pa 1 Okutobala 2023, kuwerenga kumayamba pa 2, ndipo tsiku la 14 ndi pa 15 Okutobala. Limenelo linali Lamulungu komanso tsiku la anakubala. Lolemba pa 16 linali tchuthi cholowa m'malo. Tsiku lenileni ndi Lachiwiri pa 17.

Apa ndi pamene panachokera chikhulupiriro chakuti zonse zimapita kutsogolo. Koma lamuloli lili ndi malire awiri amene anthu saamva. Limagwira pa nthawi zoikidwa ndi malamulo, ndipo limagwira pokhapokha ngati lamulo lenilenilo silinanene zina. Lamulo lokhala ndi kawerengedwe kakekake, kawerengedwe kakeko ndiko kamatsatidwa. N'chifukwa chake pa nkhani ya msonkho munthu ayenera kuyang'ana chidziwitso chimene MRA yatulutsa cha mwezi umenewo, osangodalira zimene anamva kwa mnzake. Ndipo lendi ya shopu, ngongole ya ku banki, katundu wotenga pa ngongole kwa wogulitsa mopikulitsa, zonsezi ndi mapangano a anthu awiri. Chimene chimalamula pamenepo ndi pepala limene munasainirana.

Amene anakhalako ku Joni, ndipo m'boma lino ndi ambiri, amadziwa kuti kubwerera m'mbuyo kumachitikadi. Ku South Africa lamulo loyendetsera misonkho limati tsiku lomaliza likagwera Loweruka, Lamulungu kapena tchuthi, msonkho ulipidwe tsiku lomaliza logwira ntchito tsikulo lisanafike. PAYE ya kumeneko imaperekedwa pofika pa 7, ndipo pa 7 pakakhala Lamulungu, bwana amalipira Lachisanu pa 5. Ku America ndi zosiyana, tsiku la msonkho limapita kutsogolo. Mayiko onse awiriwa analemba okha mbali imene tsiku lisunthire. Munthu wa kwa Makanjira amene ali ndi bizinesi kuno komanso ku Johannesburg asatenge chizolowezi cha mbali imodzi n'kupita nacho mbali inayo.

Tiyeni titsate mwezi umodzi bwinobwino. Tiyerekeze mayi amene ali ndi malo ogona alendo m'mbali mwa nyanja, pa msewu wopita ku Monkey Bay, ndipo mwezi wake ndi Meyi 2022. Ndalama zimene nditchule pano ndi zongoyerekeza kuti masamu aoneke, koma masiku ndi enieni. Pa tebulo pake pali mapepala anayi ndipo onse akunena za pa 14 Meyi. Lachisanu ndi pa 13, Loweruka pa 14 ndi tsiku la Kamuzu, Lamulungu pa 15, Lolemba pa 16 tchuthi, Lachiwiri pa 17 ndiye ntchito iyambiranso.

Pepala loyamba ndi la ngongole ya ku banki imene anagulira boti loyendetsa alendo. Amabweza K450,000 mwezi uliwonse pa 14, chiwongoladzanja 30 peresenti pa chaka. M'panganomo, chakumapeto kumene anthu ambiri safikako powerenga, muli chiganizo chakuti tsiku lobweza likakhala losagwira ntchito, ndalama iperekedwe tsiku lotsatira logwira ntchito. Mayiyu asaime pamenepo. Abwerere kumayambiriro kwa pangano, pamene amafotokoza matanthauzo a mawu, aone kuti tsiku logwira ntchito ndi liti. Ngati palembedwa kuti ndi tsiku lililonse kupatula Loweruka, Lamulungu ndi tchuthi cha boma, tsiku lake lenileni ndi Lachiwiri pa 17. Akalipira tsiku limenelo sanachedwe. Koma ngati chiwongoladzanja chimawerengedwa tsiku ndi tsiku, masiku atatu owonjezerawo amalipiridwa. K450,000 pa 30 peresenti imabala pafupifupi K370 pa tsiku, ndiye masiku atatu ndi K1,110.

Pepala lachiwiri ndi la kampani imene inamuikira magetsi a dzuwa. Iwo pangano lawo limati tsiku likagwera pa tchuthi, alipire tsiku logwira ntchito lomaliza tchuthicho chisanafike, ndipo wochedwa awonjezere 5 peresenti. Tsiku lenileni pano ndi Lachisanu pa 13. Ngati gawo la mwezi lili K200,000 ndipo mayiyu waphatikiza pepalali ndi la banki lija n'kulipira onse Lachiwiri, wachedwa ndi masiku anayi ndipo chindapusa ndi K10,000.

Lachitatu ndi msonkho wa PAYE wa antchito ake wa mwezi wa Epulo. Pano ntchito ndi ziwiri, kupereka fomu yosonyeza malipiro ndi msonkho wodulidwa, kenako kulipira ndalamayo. Pa Msonkho Online munthu amalemba fomuyo n'kutenga nambala yolipirira, PRN, imene amapita nayo ku banki kapena kuilemba pa foni polipira. Ndaona anthu akusangalala kuti fomu yapita, osazindikira kuti kupereka fomu n'kosiyana ndi kulipira. Popeza makinawa satseka pa tchuthi, chifukwa chakuti ofesi inali yotseka chimachepa mphamvu chaka ndi chaka. Akalaliki osamala amene ndimawadziwa sadikira n'komwe kuti amve ngati tsiku lasunthira kutsogolo. Amatenga Lachisanu pa 13 ngati tsiku lomaliza, ndipo PRN amaitulutsa Lachitatu kapena Lachinayi. Ndimagwirizana nawo, chifukwa ndalama ya PAYE si ya bwana, inadulidwa kale kwa antchito kumapeto kwa Epulo, ndiye palibe phindu loisungira masiku ena anayi pamene kulakwitsa kwake kungabweretse chindapusa ndi chiwongoladzanja.

Lachinayi ndi inshulansi ya galimoto yonyamulira alendo, imene ikutha pa 14 Meyi. Iyi ndi ya mtundu wina. Pa 14 ndi tsiku limene chitetezo chimatha, ndipo tsiku lotere silisuntha ngakhale litagwera pa Khirisimasi. Galimoto ikachita ngozi Lamulungu pa 15 pa mlatho wa Bakili Muluzi, inshulansi inatha dzulo lake, ndipo apolisi a pamsewu amagwira ntchito ngakhale pa tchuthi. Ziphaso zonse zokhala ndi deti lothera zili m'gulu limeneli. Magetsi a Escom ogula mayunitsi nawonso alibe tsiku lolipira loti n'kusuntha, mayunitsi akatha nyumba imachita mdima kaya ndi Lolemba kaya ndi Idi. Choncho pa mapepala anayi a deti limodzi, limodzi lokha ndilo lingadikire mpaka Lachiwiri, ndipo atatu enawo ayenera kutha pofika Lachisanu.

Pali mtundu winanso wa chiganizo umene umapezeka m'mapangano a ngongole zikuluzikulu, ndipo umaonekera kumapeto kwa mwezi. Umati tsiku lipite kutsogolo, pokhapokha ngati kutsogoloko kukulowa m'mwezi wina, ndipo zikatero libwerere m'mbuyo. Malichi 2024 ndi chitsanzo chabwino. Pa 31 linali Lamulungu la Pasaka, pa 1 Epulo Lolemba la Pasaka, pa 29 Lachisanu Loyera. Ngongole ya pa 31 Malichi ikanati ipite kutsogolo ikanafika Lachiwiri pa 2 Epulo, mwezi wina. Pansi pa chiganizo chotere inabwerera kudumpha Loweruka ndi Lachisanu Loyera mpaka Lachinayi pa 28 Malichi. Munthu wolipidwa pa 30 kapena pa 31 anafunika kupeza ndalamayo malipiro asanalowe.

Nanga pangano likakhala chete? Ambiri mwa mapangano a m'matauni athu ndi otero. Lendi ya shopu imangonena kuti pa 1 mwezi uliwonse, fizi ya sukulu imangotchula deti, katundu wa pa ngongole amangoti masiku 30. Pamenepa njira yotetezeka ndi kutenga deti mmene lalembedwera. Tsiku limene limapusitsa anthu kwambiri ndi Loweruka wamba. Ife timalitcha wikendi pamodzi ndi Lamulungu, koma nthambi zambiri za mabanki zimatsegula m'mawa mwake, mashopu amagulitsa tsiku lonse, ndipo mwini ngongole anganene mosavuta kuti khomo linali lotsegula. Ngati pepala silinatchule Loweruka kuti ndi tsiku losagwira ntchito, munthu asadzipatse yekha ufulu wodikira Lolemba. Ndipo masiku 30 si mwezi umodzi. Katundu wotengedwa pa 15 Disembala 2022 pa masiku 30, kuwerenga kuyambira pa 16, amafika pa 14 Januwale 2023, Loweruka. Woganiza kuti ndi pa 15 Januwale amaona Lamulungu ndi tsiku la Chilembwe, n'kuwonjezera Lolemba la tchuthi, n'kudzauka Lachiwiri pa 17 atachedwa ndi masiku atatu.

Ngakhale tsiku litadziwika bwino, pamatsala funso la ola. Mapangano ambiri amawerenga nthawi imene ndalama yafika ku akaunti ya mwini ngongole, osati imene yachoka kwa inu. Ndalama zikuluzikulu zochoka ku banki ina kupita ku ina zimadutsa m'makina oyendetsedwa ndi banki yaikulu ya Reserve, amene amagwira masiku a ntchito ndipo ali ndi ola lotsekera. Yotumizidwa Lachisanu madzulo ola litadutsa ingakalowe Lachiwiri tchuthi chitatha. Za pa foni, Airtel Money ndi Mpamba, zimayenda usana ndi usiku, koma zili ndi malire a ndalama imene ingatumizidwe, ndipo zimadalira netiweki ndi floti ya ajenti. Lachisanu loyandikira tchuthi chachitali ndi tsiku limene floti imatha msanga. Mumafika pa kakhumbi ka ajenti mutagwira ndalama m'manja, iye n'kungopukusa mutu akuloza foni yake kuti mulibe, mupite kwa wachiwiri, nayenso chimodzimodzi, dzuwa likupendeka.

Ku Mangochi Lachisanu ndi lalifupi kuposa kwina. Masana anthu amapita ku Juma, mashopu ambiri ndi ma ajenti amatseka kwa kanthawi, ndipo akamatsegulanso mzere wa ku banki umakhala utafika panja. Wochokera kwa Makanjira, mtunda wa makilomita pafupifupi 100 pa msewu wovuta nyengo ya mvula, ngati akufuna kukalipira pa kauntala ku Boma, tsiku lake lenileni ndi Lachinayi. Zimenezi sizinalembedwe m'pangano lililonse, koma ndi zimene zimasiyanitsa wolipira pa nthawi ndi wochedwa.

Chindapusa chikabwera, pali njira yodziwira ngati chili choyenera. Pemphani siteti ya akaunti, muyang'ane deti limene ndalama yanu inalembedwa kuti yalowa, muliyerekeze ndi deti la pa lisiti kapena la pa uthenga wa pa foni, kenako muyerekeze onse awiri ndi tsiku limene pangano likupereka mutawerenga tchuthi. Ngati deti lolowera lili pambuyo pa deti la lisiti, vuto ndi ola lotsekera kapena njira imene munatumizira. Ngati madeti awiriwo akufanana, pangano likukupatsani Lachiwiri, koma chindapusa chawerengedwa kuyambira Loweruka kapena Lolemba, ndiye kuti makina a wobwereketsa sanauzidwe za tchuthi chosuntha chija. Zimenezi zimachitika, makamaka ndi Lolemba lolowa m'malo komanso Idi, chifukwa masiku amenewa amafunika munthu awalowetse pamanja chaka chilichonse. Pamenepo lembani kalata yotchula chiganizo cha pangano ndi madeti onse, mumatepo lisiti, musungeko kope. Banki kapena bungwe lobwereketsa likapanda kukonza, banki ya Reserve imalandira madandaulo a makasitomala a mabungwe a zachuma amene imawayang'anira. Uthenga wa pa foni musaufufute mpaka siteti yotsatira itatuluka.

Magulu a banki m'khonde ali ndi njira imene ndimaiona kuti ndi yolongosoka. Iwo tsiku lobweza ndi tsiku la msonkhano, ndipo msonkhano ukagwera pa Idi kapena pa maliro, amagwirizana pamaso pa onse kuti akumana liti, mlembi n'kulemba m'buku. Palibe amene amachoka akuganiza zakezake. Mabungwe aakulu angachite zomwezo mosavuta. Wolemba bilu amadziwa kale kuti pa 14 Meyi ndi tchuthi ndipo amadziwa chimene pangano lake limanena, choncho angathe kusindikiza tsiku lenileni, kuti Lachisanu pa 13 kapena Lachiwiri pa 17, m'malo mosiyira msodzi wa ku Malindi kapena mwini golosale wa ku Chiponde ntchito yofufuza chiganizo m'pepala la Chingerezi la masamba khumi. Pamene sakutero, wobwereka afunse asanasaine, ndipo yankho lilembedwe pa pepala lomwelo: tsiku likagwera pa tchuthi lipita kutsogolo kapena m'mbuyo, Loweruka likuwerengedwa ngati tsiku la ntchito kapena ayi, ndipo ndalama ifike nthawi yanji.